Malo a B pa Mkombero

Ndinkaphunzitsa masamu ndi chala. Ndikaima pabolodi mawu anga anali awiri okha, "iyi" ndi "apa". Ngodya iyi ndi iyi n'zofanana, mzere uwu ukudula apa, basi tamaliza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinaphunzitsa choncho pasekondale ina ya masana kufupi ndi Jenda, kumene boma linanditumiza kuchoka kwathu ku Dedza, ndipo ndinkadziyesa katswiri.

Kenaka mu Folomu 3 munabwera mtsikana wosaona, mwana wa mlimi wa fodya wa kumalire a Kasungu. Ankakhala kutsogolo ndi makina ake olemba madontho otukuka, akugogoda osapuma. Zowerengera za pamtima ankatiposa tonse, ine ndemwe. Cholinga chake chinali chimodzi, kupita kukoleji ya uphunzitsi, ndipo kumeneko wopanda masamu salowako.

Ahedi athu sanali munthu woipa, koma ankaopa zovuta. Anati mwanayo asiye masamu, chifukwa zojambula sangazione ndipo adzangovutika pachabe. Ndinakangana nawo mpaka mawu anakwera. Pomaliza anati mwanayo akakhoza mayeso otsiriza Folomu 3, dzina lake likhala pamndandanda wa odzalemba masamu pamayeso a boma a Folomu 4. Akalephera, nkhani yatha.

Tsiku la mayesolo kunali mphepo yonyamula fumbi, zitseko zikumenyeka. Tinakhala awiri m'kachipinda kosungira mabuku, ine kuwerenga mafunso, iye kulemba. Ndinali ndi mapepala a makalasi ena atatu ondidikira, choncho ndinali pachangu. Tinafika pafunso la chojambula. Ndinamuuza kuti pali mkombero, pakatikati pake ndi O, ndipo A, B ndi C ali pamkomberopo. Mizere ikuchoka pa O kupita pa A ndi pa C, ngodya AOC ndi madigiri 100. Apeze ngodya ABC.

Makina aja anakhala chete.

"Ndapota, sala, B ali pati?"

"Pamkombero, ndanena kale. Ali apa."

Ndinagogoda pepala ndi chala n'kupitirira kufunso lotsatira.

Lachisanu kunabwera mphunzitsi wa ana osaona wochokera ku boma, amene ankalemba ndi bolopeni pamwamba pa madontho kuti enafe tiwerenge. Ndinachonga mothamanga monga mwa chizolowezi changa. Pafunso lija ndinaona 50, pomwe yankho langa linali 130, ndiye ndinathetha. Nditawonkhetsa, mwanayo anapelewera mamalikisi awiri. Funsolo linali la mamalikisi anayi. Ahedi anati mndandanda autseka Lolemba.

Loweruka lonse sindinakhale pansi. Ndinakwera minibasi kupita ku boma popanda chenicheni chokagula, n'kuzungulira mumsika kawiri, n'kubwerako ndi sopo amene kunyumba analipo kale. Ndinali wokwiya, koma wondikwiyitsa sindinkamudziwa. Lamulo la funso lija mwanayo ankalidziwa ngati dzina lake: ngodya ya pamkombero ndi theka la ngodya ya pakati. Nanga anasochera pati?

Lamulungu titabwera kutchalitchi, mkazi wanga anatopa nane. Iye ndi namwino, ndipo masamu a mikombero anawasiya kalekale.

"Bambo a kuno, mwayenda khonde lonse mpaka lakumbika. Tanenani."

Ndinamufotokozera. Anang'amba tsamba la kalendala yakale, n'kutenga pensulo, n'kundifulatira.

"Ndiuzeni mmene munamuuzira mwanayo. Osawonjezera kanthu."

Ndinabwereza mawu omwe aja. Anazunguliza kapu kuti apeze mkombero, naika O, A ndi C. Kenaka anaika B kutsidya, kumbali yaitali ya mkombero, kumene kunali malo ambiri. Pachojambula cha mayeso B anali kumbali yaifupi, atapanikizika pakati pa A ndi C.

Ndinayang'ana tsambalo. B akakhala kutsidya, ngodya yake imayang'anana ndi 100 uja, ndipo theka lake ndi 50. Akakhala kumbali yaifupi, imayang'anana ndi ngodya yaikulu yotsala kuseri kwa O, 360 kuchotsa 100, imene ndi 260, ndipo theka lake ndi 130. Mwanayo anayankha bwinobwino funso limene ine ndinamufunsa. Amati safunsa anadya phula. Uyu anafunsa, koma phulalo ndinamudyetsa ndine.

"Ndiye mukanati bwanji?" anatero mkazi wanga.

Tinayeserera mpaka mbali yonse ya kalendala inadzaza. Ndikanena zochepa, ankajambula zake. Ndikanena zambiri, ankaseka kuti tsopano ndamuuza ndi yankho lomwe. Mawu amene anakhala anali awa: ukachoka pa A kuyenda pamkombero njira yaifupi yopita kwa C, ukumana ndi B panjira, mizere yowongoka ikulumikiza A ndi B, komanso B ndi C, ngodya ya 100 ndi yaing'onoyo, ya mbali imene kuli B. Pamenepo anajambula chofanana ndendende ndi cha papepala.

Lolemba ndinafika ahedi asanatsekule ofesi. Ndinawauza kuti wolephera ndine.

"Aphunzitsi, chisoni sichichonga mayeso," anatero. "Mukufuna kumukokera mwanayu."

Mtima unandipsa, koma ndinadzigwira. Ndinawapatsa pepala loyera n'kuwapempha ajambule zimene ndinena. Ndinanena mawu anga a tsiku la mayeso aja. Iwonso anaika B kutsidya. Nditawaonetsa chojambula chenicheni anakanda pamutu, n'kuitanitsa pepala la mtsikanayo.

Iwo sanathamange ngati ine. Anatsata ndi chala mzere ndi mzere, mpaka anatembenuza tsamba. Pamwamba pa tsamba lachiwirilo panali mizere iwiri ya madontho, ndipo bolopeni ya mphunzitsi uja inali italemba zonse momveka. Ahedi anawerenga mokweza: ngati B ali kumbali yaifupi, ngodya ndi theka la 260, yankho ndi 130, sindinauzidwe mbali. Ine ndinali nditathetha 50 osaiona mizere imeneyo.

Ahedi anaika pepalalo patebulo. Kenaka anatenga mndandanda uja, nalemba dzina la mwanayo ndi dzanja lawo, n'kutuma kuti akamuitane.

Mtsikanayo analowa akukhudza chitseko, naima chilili. Ahedi atamuuza, iye anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene." Ine ndinayamba kupepesa, mawu akupiringizana, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake sanandikakamize kuti ndinene bwino.

"Ndinamva chala chanu chikugogoda pepala, sala," anatero. "Mbwenu ndinadziwa kuti inu B mukumuona, ndipo mukuganiza kuti mwandiuza."

Manyazi amene anandigwira pamenepo sanandichokebe. Belu linalira, ndinatsatira mwanayo kukalasi, n'kujambula mkombero pabolodi. Nditatembenuka kuti ndiyambe, ndinapeza chala changa chili kale m'mwamba. Ndinachilowetsa m'thumba. Ana onse anali duu, makina aja akudikira, ndipo kwa kanthawi ndinasowa mawu oyambira.