Mitanda ya Mana Anastácia

Mukapita pa malire a Milange m'mawa, mudzaona mayi wamtali, wouma thupi, atakhala pa thumba lopanda kanthu pafupi ndi pomwe amaima magalimoto a ku Mocuba. Anyamata a njinga amangowatchula agogo a katundu. Ine ndikamva choncho mtima umandiwawa, chifukwa amenewo ndi mana Anastácia, achemwali Anastácia m'kanenedwe ka kwathu, ndipo uphunzitsi umene ndadyera moyo wanga wonsewu ine Olinda unayenera kukhala wawo.

Tinadziwana ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, nthawi ya nkhondo. Amuna awo anamwalira komweko ndi kolera, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Neide. Mana ankathandiza pa sukulu ya othawa nkhondo. Ankasesa, ankagawa phala, ndipo mphunzitsi akadwala ankalowa m'kalasi iwowo. Chipwitikizi anachiphunzira ku misiyoni ali mtsikana, koma kachongedwe anatengera kwa aphunzitsi a ku Malawi amene ankabwera kudzathandiza. Kumeneko yankho lolondola umazunguliza, ndipo mtanda wa X umatanthauza kuti walakwa, basi.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Mongue ndi mitolo pamutu. Kwathu kwake kuti? Tchire lokhalokha. Munda wa mayi awo a Anastácia tinaupeza ukulimidwa ndi anthu ena amene sanathawe, ndipo anthuwo ankatiyang'ana ngati tabwera kudzaba. Malume awo, a Bonifácio, anawapatsa kakhumbi kuseri kwa nyumba. Sanali munthu woipa, koma pakhomo pawo panali pakamwa pambiri kale, ndipo chinangwa chinali chochepa.

Ndiye panabwera a Julião, wamalonda wa nyemba, wa galimoto yakeyake. Anaona Neide akusinja, mwana woti mawere angoyamba kumene, n'kuuza a Bonifácio kuti akufuna mtsikana wothandiza akazi awo ku Mocuba. Wothandiza akazi awo! Mudzi wonse unkadziwa kuti ntchito zoterezo zimathera pati. A Bonifácio anauza mana poyera: "Mphwanga, ine ndikudyetsani mpaka mvula itagwa. Ikagwa iwe ulibe pogwira, mwanayu apita."

Masiku omwewo tinamva kuti bungwe lina limene linkamanganso sukulu zogumuka likufuna aphunzitsi. Aliyense amene anafikako patali ndi sukulu akalembe mayeso a Chipwitikizi ku Milange, mafunso osankha yankho limodzi pa anayi. Wokhoza ankapatsidwa kalasi, kanyumba pafupi ndi sukulu, ndi ufa ndi nyemba mwezi ndi mwezi. Kwa mana, kukhoza kunali kusunga Neide pakhomo.

Ine Chipwitikizi changa chinali cha pamsika, chogulira mchere. Ndinati sindilemba, ndingakachite manyazi. Mana anandikoka dzanja n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Olinda, usamafunefune yankho lolondola, udzasokonezeka. Yamba wathamangitsa olakwa. Ndikanena kuti *ana chabwera*, khutu lako likuti bwanji?"

"Likukana. Ndi *ana abwera*."

"Eya. Chipwitikizinso mawu ake amayenda mogwirizana choncho. Peza mwininkhani, umufunse mafunso awiri: uli wekha kapena muli ambiri? Ndiwe wamwamuna kapena wamkazi?"

Analemba ndi kamtengo pa dothi: *As casas*, ndiye kuti nyumba zambiri, n'kusiya mpata. Pansi pake analemba mayankho anayi onena kuti ndi zatsopano: *é novo, são novos, são novas, é nova*.

"Nyumbazi ndi zambiri, ndiye onse oyamba ndi *é* atuluke, ameneyo ndi wa chinthu chimodzi." Anakhwatcha awiri, mtanda uku, mtanda uku. "Kwatsala awiri. *Casa* ndi dzina lachikazi, ndiye *novos* akufuna chiyani pano?" Khwatchu! Kunatsala *são novas*, n'kulizunguliza.

Ine ndinaseka kuti nyumba ingakhale bwanji yaikazi. Anandimenya ndi kamtengo kaja pa bondo. Ankatero mana, sankaseka pa ntchito. Anandiphunzitsa ndi misampha yomwe. Pa *a caixa dos livros*, bokosi la mabuku, chimene chanyowa ndi bokosi, ndiye *está molhada*, usatengeke ndi mabuku chifukwa choti ali pafupi ndi mpata. *O problema* ndi lachimuna ngakhale likuthera ndi *a*, uyang'ane *o* amene ali kutsogoloyo. *A gente* ndi ife tonse, koma mneni wake ndi wa munthu mmodzi, *a gente chegou*. Tinkachita zimenezi masana aliwonse pochokera ku ganyu, mpaka bwalo lonse linadzaza mitanda, nkhuku n'kumaifufuta.

Ine ndinapita ku Milange kutatsala tsiku limodzi, ndinakagona kwa azakhali anga. Mana anatsala chifukwa Neide anali ndi malungo. Ananyamuka m'mamawa pa njinga ya hayala, tcheni n'kuduka panjira, mtunda wotsalawo anauyenda wapansi.

Tinalembera m'kalasi lopanda zitseko, zipupa zili zibowo za zipolopolo. Woyang'anira asanagawe mapepala anati: "Ikani mtanda umodzi pa yankho lolondola. Funso lokhala ndi mitanda yoposa umodzi silichongedwa." Ine ndinadzidzimuka, popeza ndikanachita monga pa dothi paja. Mawu omwewo analembedwanso pamwamba pa pepala, koma makina opukusa amene anasindikizira anali atatha inki, mzere woyambawo unkangooneka ngati utsi.

Tili mkati, mana anafika, thukuta kamukamu, mapazi ofiira ndi fumbi. Anachonderera, woyang'anira anawamvera chisoni, anawapatsa pepala n'kuwalozera kumbuyo. Lamulo lija sanalibwereze. Ine ndinali kutsogolo, kutembenuka kunali koletsedwa, ndipo kunena zoona mtima wanga unali pa pepala langa. Ndinkakhwatcha olakwa m'mutu, n'kuika mtanda pa wotsalayo.

Titatuluka mana anandigwira pa phewa, nkhope ikuwala.

"La bokosi lija linabweradi! Unayankha chiyani?"

"*Está molhada*, mana."

"Ndiye takhoza tonse. Ine ndinangowagwetsa atatuatatu, khwatchu, khwatchu, khwatchu."

Ndinaima pomwepo. "Mana, mwawagwetsa kuti? M'mutu kapena pa pepala?"

"Pa pepala, nanga kuti? Lolondola ndazunguliza bwinobwino."

Ndinawauza zimene ananena woyang'anira. Iwo anangoti, "Koma akaona. Munthu wa maso akaona."

Zotsatira zitatuluka, dzina langa linalipo. Lawo linali kumunsi kwenikweni, pambali pake ziro. Ziro, mana Anastácia! Ine ndinalusa, ndinawakoka mpaka ku kaofesi ka bungwelo, ndikulalata njira yonse. Tinapeza bambo wina wa magalasi, wotopa, amene ankachonga. Anafufuza pepala lawo n'kuliyala pa tebulo. Kenako anatulutsa chikatoni chobooleredwa, bowo lililonse pa yankho lolondola, n'kuchiika pamwamba. M'mabowo onse munalibe mtanda ndi umodzi womwe. Atachichotsa, mitanda inali mbwee, itatuitatu.

"Tayang'anani zimene azunguliza, bambo!" ndinakuwa.

Anayang'anadi, chala chikutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Anavula magalasi.

"Mayi, ndikuona. Koma lamulo linanenedwa pamaso pa onse. Ndikakuchongerani inu, enanso amene anaika mitanda iwiri chifukwa chokayika abwera mawa. Mayina apita kale ku Quelimane, malo adzaza. Mudzalembenso chaka chamawa."

"Chaka chamawa mvula idzakhala itagwa kale," anatero mana, motsitsa mawu. Bamboyo sanamve tanthauzo lake, ndipo iwo sanafotokoze.

Ndinayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinapempha kuti malo anga apatsidwe kwa iwo, anandiuza kuti ndikawasiya atenga wotsatira pa mndandanda. Ndinauza a Bonifácio kuti Neide akakhale nane, ndimudyetsa ine. Koma sukulu yathu inali isanafoleredwe, kanyumba kaja kanali maziko okha, ndipo ufa anati uyamba kalasi ikatsegulidwa. Inenso ndinkadya kwa abale, m'mbale ya eni. Mana anayenda minda yonse kufuna ganyu yokhalitsa, koma ambiri anali obwerera kumene, wolemba mnzake ganyu yoteroyo analipo ndani?

Mvula inagwa msanga chaka chimenecho. Alimi anakondwera, ine ndinaitukwana. Patangopita masiku ochepa galimoto ya a Julião inaima pamsewu, itadzaza matumba. Mana anamangira Neide kamtolo mu kapulana yawo yabwino, nsalu yomwe ankavala ku tchalitchi. Anamuluka tsitsi, anamuuza kuti azimvera, azipemphera, ndipo kuti akangolemba mayeso chaka chamawa adzamutenga. Mwanayo sanalire pokwera pamwamba pa matumba. Analira galimoto itayamba kuyenda, akuitana "Amayi! Amayi!", ndipo mana anathamangira pambuyo pake m'matope mpaka anagwa.

Chaka chamawa chija mayeso sanabwere. Bungwe linamaliza kumanga n'kupita, ndipo olemba aphunzitsi pambuyo pake ankafuna satifiketi imene mana analibe, inapsa ndi nyumba nthawi ya nkhondo. Neide anatumiza uthenga kangapo. Kenako tinamva kuti ali ndi pakati, akazi a Julião amuthamangitsa. Mana anapita ku Mocuba, anayenda msika wonse, makomo onse, a Julião akungoti mwanayo anachoka yekha. Anabwerako okha.

Ku Mongue sanakhalenso. Anasamukira pa malire, n'kuyamba kusenza matumba a chimanga kuwolotsa ku Muloza, mpaka msana unapindika. Ndinawapempha kangati kuti adzakhale kwanga? Amakana. Akuti pa malire ndi pomwe pamafikira magalimoto.

Ine ndaphunzitsa ana mpaka tsitsi layera, ndipo njira yothamangitsa mayankho olakwa ndawaphunzitsa onse, ndi kamtengo komwe. Koma ndimawalumbiritsa kuti kukhwatchako kuzichitikira m'mutu, ndipo amene wachedwa kulowa m'mayeso akweze dzanja afunse, ngakhale amuseke. Ena amati aphunzitsi a Olinda ndi aukali pa zinthu zazing'ono. Azinena.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona, ndinawatengera shuga ndi sopo. Tili pakati pocheza, galimoto ya ku Mocuba inalowa. Anandisiya mawu ali m'kamwa, n'kudzuka movutikira kupita pa windo la dalaivala. Anali mnyamata woti nthawi ya nkhondo anali asanabadwe.

"Mwanangu, kumeneko simunamuoneko Neide? Wamtali ngati ine, ali ndi mpata m'mano."

"Agogo, munandifunsanso sabata yatha."

"Eya, ndinakufunsa," anatero mana. "Nanga sabata ino?"