Aphunzitsi Mwantumu ndi Nyemba za Fadili

Mwantumu anali mphunzitsi watsopano ku Ndirande, ndipo tsiku lomwe kunabwera mkulu woyendera sukulu, mphunzitsiyu anatulutsa ana a Sitandade 2 pansi pa mtengo wa bulugama. Anajambula mizere iwiri pansi, nawauza kuti aike zamoyo uku, zopanda moyo uko.

Chitete ndi mphukira ya chimanga zinalowa kwa zamoyo. Mwala, msomali ndi chitsekero cha botolo zinapita kwinako. Koma Fadili anaika nyemba zouma pa zamoyo, anzake n'kuseka.

"Iwe, nyemba imayenda? Imadya chiyani?" anakuwa Mildred.

Fadili misozi inalengeza. "Amayi amadzala zomwezi ku Machinjiri, aphunzitsi."

Mwantumu anaona kuti woyenderayo akumuyang'ana, ndipo ntchito yake inali isanakhazikike. Kuchotsa nyembazo kunali kosavuta, koma mwanayo sanalakwe.

"Zisiyeni pomwepo," anatero. "Mbewu ili moyo, yangogona. Chamoyo chimakula."

Anatenga zitini ziwiri za dothi lonyowa. China anadzalamo nyemba, china msomali.

Woyenderayo anaimirira. "Mayi, sabata yamawa ndidzabweranso. Ndikufuna kudzaona ngati msomali wamera."

Ana anaseka, Fadili n'kupukuta maso.