Amen Wathu Sanali Voti

Ulembi wa nthambi yathu ya yuniyoni, ku fakitale yosoka makatani ku Doornfontein, ku Joni, anandipatsa chifukwa choti ndimayenda ndi bolopeni m'tsitsi. Basi, ndiye sukulu yake imeneyo.

Msonkhano wovotera sitalaka anautsegula ndi pemphero abambo ena achikulire, a kumigodi kalelo, amene tsopano ankasita makatani. Koma pemphero lake! Anauza Mulungu za malipiro, za tiyi wopanda mkaka, za chimbudzi chosatsekeka, mpaka anafika pa kapitawo wathu: "Ameneyu, Ambuye, achoke!" Amen wake anagwedeza malata. Ngakhale anzathu achizulu, osamva Chichewa n'komwe, anakuwa nawo.

Kenako ndinayamba kulemba. Obwera anakwanira. Mfundo inali imodzi, ya kukwezedwa kwa malipiro, yomwe tinapita nayo kale kwa oyanjanitsa n'kubwerako ndi setifiketi yoti zakanika. Wina anaipereka, wina anavomereza, tinaponya timapepala mwachinsinsi m'katoni ya ulusi. Ndinalemba ofuna, okana, ndi mapepala owonongeka. Ndinalembanso zomwe tatuma komiti: ipereke kwa abwana notisi ya maola 48, pa nkhani ya malipiro yokha, ndipo isalandire kanthu isanabwerere kwa ife.

Tsiku lolemba notisi, achikulire aja anakhala pambali panga.

"Mwana wanga, kapitawo ali pati m'maminitsimu?"

"Mulibe, abambo. Sitinamuvotere."

"Iwe! Amen uja sunamumve? Onse anavomera!"

Kutsutsa munthu wa imvi kumandiwawa, koma nkhani ya kapitawo sinapiteko kwa oyanjanitsa. Kuinyanyalira ntchito, lamulo silikanatiteteza, ndipo abwana akanapeza potithamangitsira tonse. Ine ntchito ya ku Joni ndinaipeza nditatha nsapato, sindikanaitaya chifukwa cha Amen.

Apampando, m'malo mondithandiza, anayamba kufunafuna magalasi omwe anali pamphuno pawo. Amuna enawa!

Ndinagwada pang'ono monga kwathu. "Abambo, za kapitawo munauza ndani?"

"Mulungu."

"Ndiye zili ku ofesi Yake. Ine ndimalemba zopita kwa apampando."

Anati ana a masiku ano tikanakhala alembi a Mose, Aisiraeli bwenzi akadali ku Iguputo kudikira setifiketi. Anatuluka osatsanzika, ndipo notisi inapita ndi malipiro okha.

Sitalaka tinachita, tinavina pageti mpaka mawondo kulira. Abwana atakwezako pang'ono, komiti inabwerera kwa ife, tinalandira, ndipo palibe anachotsedwa ntchito. Achikulirewo sankandiyankha moni nyengo yonseyo, zomwe zinkandipweteka kuposa mawondowo.

Patapita miyezi, kapitawo uja anasiya yekha ntchito, akuti anapeza ina ku Fourways. M'mawa mwake achikulire anaima pa makina anga, simbi ili m'manja, nkhope ili ngwee.

"Alembi," anatero, "ofesi ina ija yayankha. Popanda notisi."