Ine Ndinali Mtembo wa Gulu Lathu

Mulungu anandilenga wowonda. Sindidwala, ndimadya ngati chimbalangondo cha m'buku la sukulu, koma thupi limakana. N'chifukwa chake nditalowa gulu la zisudzo la kwathu ku Kapondo, m'zaka zija zipani zitachuluka ndipo mabungwe atayamba kuyenda ndi magalimoto oyera, mkulu wa gulu anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wodwala wathu." Sanandiyese n'komwe mawu. Ntchito yanga inali kukhosomola, kugwa, n'kulowa m'bokosi.

Masiku amenewo sewero linali limodzi m'boma lonse la Mchinji, maina a magulu okha ndiwo ankasiyana. Dalaivala wa thiraki atsanzika mkazi wake, afika pa boda, mapepala achedwa, alowa m'bala. Mtsikana wa siketi yaifupi amuseka. Abwerera kunyumba, ayamba chifuwa, apita kwa sing'anga, sing'anga adya nkhuku, dalaivala afa. Kwaya iimba. Kenako wina wovala tayi abwera kutsogolo, aloza anthu ndi chala n'kunena kuti, "Abale anga, Edzi ilibe mankhwala." Basi. Ndinafa imfa imeneyi pa misika yonse kuyambira ku Ludzi mpaka ku boda. Ndikanama mphenzi indipeze: amayi ena a ku tchalitchi kwathu anandiona ndikugula mchere n'kuthawa, anasiya chenje.

Bokosi lathu linali la matabwa a bulugama, lopanda pobowola, ndipo mwezi wa Okutobala m'kati mwake munkapsa mbatata. Anyamata onyamula ankaligwetsa dala kuti anthu aseke.

Chaka china kunalengezedwa mpikisano wa pa Boma. Mutu wake, mwadziwa kale. Gulu lopambana likapita ku Lilongwe pa minibasi yolipiridwa. Tinapita kukayeserera pa msika wathu kuti tione mmene anthu alilandirire sewero, ndipo apo m'pamene ndinamva ndi makutu anga kuti zinthu zatha. Dalaivala asanalowe m'bala, mayi wina wogulitsa zitumbuwa anakuwa kuti, "Akalowe msanga, tili ndi ntchito ife!" Sing'anga asanatsegule pakamwa, ana anali atamunenera kale mawu ake onse, mpaka mtundu wa nkhuku. Wa tayi uja atakweza chala, msika wonse unayankha pamodzi ngati Amen, ndipo galu wina amene ankagona pansi pa benchi anadzuka n'kuchoka chiganizo chisanathe. Galu ameneyo ndinamuona ndekha pa mng'alu wa bokosi.

Titakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, ndinanena kuti sewero lathu lakalamba.

Mkulu wa gulu anali mphunzitsi wopuma, munthu amene ankakhulupirira kuti chilichonse chikakanika, mankhwala ake ndi kuwonjezera. "Ndaona vutolo," anatero. "Bokosi limodzi lachepa. Chaka chino afe dalaivala, afe mkazi wake, afe mtsikana wa m'bala. Mabokosi atatu."

"Sing'anga mwamusiyiranji, aphunzitsi?" ndinafunsa.

Anaganiza mozama ndithu. "Matabwa adula."

Mtsikana amene ankasewera wa m'bala uja, yemwe pa moyo wake weniweni anali mlembi wa kwaya ndipo sanalawepo ngakhale thobwa lowawasa, anati tingousiya mutuwo. "Anthu atopa nawo. Tichite la fodya, mmene ogula amatibera pa sikelo."

Apo ndinakana. Anthu akatopa ndi nkhani, sainena. Koma nkhani iyi inkanenedwa pa mjigo, pa chigayo, pa maliro Loweruka lililonse, monong'ona, maso ali uku ndi uku. Mayi wa zitumbuwa yemwe uja anali ndi mchemwali wake chigonere kunyumba. Chimene anatopa nacho si matendawo ayi, ndi dalaivala wathu. Ku Kapondo kulibe munthu woyendetsa thiraki. Tinkaonetsa alimi a chimanga imfa ya munthu wa maulendo a ku Beira, iwo n'kumaombera m'manja kuti zimenezo n'za apaulendo. Ndinawauza kuti tifufuze chimene chikuchitika m'midzi mwathu chomwe gulu lililonse silinachiike pa bwalo, ndipo ngati n'kotheka tiyambire pamene anzathu amathera.

"Anzathu amathera kumanda," anatero aphunzitsi. "Ukayambira kumanda upita kuti?"

Ndinawauza za alamu anga.

Alamu anga, amuna a chemwali wanga wamkulu, ankapalasa njinga kunyamula katundu wa amalonda kudutsa naye m'tinjira ta ku Zambia. Anadwala mpaka anatsala mafupa, ine n'kumaoneka wonenepa pambali pawo. Abale awo ataona choncho anayamba kubwera kudzazonda, ndipo aliyense pochoka ankanyamula kanthu. Sankalanda, iyayi, anthu opemphera amenewo. Ankati, "Tikusungireni, pano pali chipwirikiti." Njinga inakasungidwa kwa mng'ono wawo. Wailesi inakasungidwa kwa msuweni. Malata amene anagula kuti adzafolere nyumba anakasungidwa kwa amalume awo, ndipo amalumewo anawasunga bwino kwambiri, pamwamba pa nyumba yawo, ndi misomali.

Ndiye mankhwala otalikitsa moyo aja anafika ku chipatala cha pa Boma. Chemwali anawakweza alamu pa ngolo. Mvula isanabwere kawiri, munthu uja anali ndi masaya, akuyenda khomo ndi khomo kuthokoza abale chifukwa chosunga bwino katundu. Simunaone anthu okhumudwa ndi kuchira kwa m'bale wawo ngati amenewo. Mng'ono wawo anabweza njinga ilibe tcheni. Amalume anati, "Mwachira ndithu? Adokotala atsimikiza? Musafulumire, matendawa amabwerera."

Pansi pa mango paja anthu anaseka mpaka mlembi wa kwaya anagwira nthiti. Aphunzitsi okha sanaseke.

"Afa ndani?"

"Palibe."

"Sewero la Edzi lopanda maliro?" Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiphike ndiwo popanda mphika. Koma gulu linali kumbali yanga, ndiye anadula mlandu motere: ndilembe, ndisewere ndekha alamuwo. Tikapambana, cholembera n'changa mpaka kalekale. Tikagwa, ndibwerera m'bokosi ndipo pakamwa panga pasadzatulukenso maganizo, chifuwa chokha.

Ndinakapempha kaye kwa eni nkhani. Alamu anavomera, koma anaika lamulo limodzi. "Amalumewo muwaveke chipewa cha chikopa, ndipo azitsimphina mwendo wa kumanzere. Dzina musatchule, ndi akuluakulu."

Tsiku la mpikisano holo ya pa Boma inadzaza. Kuseri kwake kunali ngati kwa kalipentala nthawi ya kolera: mabokosi mzere, gulu lililonse ndi lake, mitembo itakhala pamwamba ikudya chinangwa. Ndinapatsana moni ndi anzanga a ntchito. Mtembo wa ku Ludzi unandifunsa kuti langa lili kuti, nditauuza kuti chaka chino sindifa, unandipepesa.

Oweruza anali atatu: bambo wa ku bungwe wochokera ku Lilongwe, mayi wa za umoyo, ndi mphunzitsi wa Chingerezi amene anagona dalaivala woyamba asanafike pa boda. Madalaivala anafa motsatizana mpaka dzuwa linapendeka. Gulu lina linabweretsa chiwongolero chenicheni cha thiraki. Lina linapha anthu onse, mpaka wa tayi yemwe, moti uthenga unasowa wounena. Holo inkalowa ndi kutuluka ngati pa depoti.

Ife tinayamba ndi ine ndili pa mphasa, abale akutuluka ndi katundu chonyang'ama. Anthu anayamba kale kuimba nyimbo ya maliro kuti atithandize kufulumira. Kenako ndinadzuka, ndinameza mankhwala, ndinavala jekete lokhala ndi pilo m'kati, n'kukagogoda kwa amalume. Nyimbo ija inafera pakhosi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ine zisudzo, palibe amene ankadziwa mawu otsatira. Amalume a chipewa cha chikopa atanena kuti, "Musafulumire, matendawa amabwerera," holo inaphulika. Amayi ena kumbuyo ankalozana, wina n'kukuwa kuti, "Ndi apongozi anga amenewo!" Bambo wina anaimirira n'kulamula kuti malatawo azulidwe pompo. Ogulitsa mtedza kunja anasiya malichero. Ndikulumbira pali manda a bambo anga, mphunzitsi wa Chingerezi uja anadzuka.

Potuluka, mnyamata wa ndevu zake anandikokera pambali n'kufunsa monong'ona kuti mankhwalawo amaperekera khomo liti, ndipo amayamba ayeza magazi kapena bwanji. Zaka zonse ndinkafa zija palibe anandifunsapo kanthu, kupatula ngati m'bokosi mumatentha.

Bambo wa ku Lilongwe anaimirira kupereka zotsatira. Anayamikira magulu onse chifukwa cha luso. Za ife ananena mwapadera. "Gulu la ku Kapondo latisangalatsa kwambiri. Koma abale, tisaiwale cholinga. Anthu aseka. Munthu wachira, wanenepa, watenganso njinga yake. Nanga achinyamata aopa chiyani? Uthenga sunamveke." Mayi wa za umoyo anayesa kunena kuti uthenga wa chaka chimenecho ku chipatala unali womwewo, woti anthu akayezetse, mankhwala alipo. Bamboyo anamwetulira n'kunena kuti zimenezo zidzalowa m'ndondomeko ya chaka chamawa. Chikho chinapita kwa a chiwongolero chenicheni. Ife tinapatsidwa fanta.

Tinabwerera ku Kapondo. Titafika, aphunzitsi anangotsegula chivundikiro cha bokosi n'kundiyang'ana. Pangano ndi pangano. Ndinalowa.

Chaka chotsatira ndondomeko ija inafikadi, ndipo boma lonse la Mchinji linachira. Gulu lililonse linali ndi wodwala wonenepa ndi pilo, amalume otsimphina, ndi malata. Ngakhale magulu a pa Boma, amene amalume awo amakhala m'nyumba za lendi, anali ndi malata. Pofika sewero lachitatu ana anali akunenera limodzi kuti "matendawa amabwerera."

Aphunzitsi nawo analemba lawo, ndipo ankauza aliyense kuti maganizowo anawabwerera ali m'munda. Koma mtima wawo sunalole kuti matabwa apite pachabe. M'sewero lawolo wodwala ankafa kaye, kumuika m'bokosi, kwaya kuimba, kenako mankhwala n'kufika.

"Aphunzitsi," ndinatero ndili m'katimo, "mankhwalawa sadzutsa akufa."

"Mtembo sulankhula," anatero, n'kutseka. "Ukamva ng'oma kachiwiri, utuluke ukumwetulira."