Mzere Umene Rabecca Anafufuta

Rabecca Njobvu anabadwira ku Msanzala, m'banja la alimi a thonje ndi mtedza (kwawoko amati nshawa), kumene mwana wamkazi amaphunzira kugwada asanaphunzire kuwerenga. Sukulu anailekera giledi naini. Mutu anali nawo ndithu, koma chaka chimenecho thonje linagulidwa pa mtengo wachipongwe. Anakwatiwa ndi Conrad, mmisiri wa mipope, amene anamutengera ku Nyimba. Kumeneko anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, Tisunge, napeza ntchito yosesa ndi kuyala mabedi pa loji ya a Kabaso, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka.

A Kabaso kwawo kunali ku Luapula. Anabwera ndi ntchito ya boma, ndipo atapuma sanabwerere. Ndalama za penshoni anamangira lojiyo. Boma analisiya, koma boma silinawasiye iwo. Chilichonse pa loji chinali ndi failo yake, ngakhale jenereta. Sanali munthu woipa, ndipo nkhani ino ikanakhala yosavuta kukamba akanakhala woipa.

Conrad anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira. Rabecca analibe poyambira. A Kabaso ndiwo anagula bokosi, napereka galimoto yonyamula maliro mpaka ku Msanzala. Kumanda, wolengeza zipepeso anatchula dzina lawo mokweza, ndipo mudzi wonse unacheuka kuona bwana amene amaika maliro a wantchito wake ngati m'bale. Kuyambira tsiku limenelo a Kabaso anayamba kumutcha Rabecca "mwana wanga". Kuyambiranso tsiku lomwelo m'chifuwa mwa Rabecca munangoti zii. Sankalira, sankaseka. Chakudya ankadya chifukwa nthawi yakwana.

Lendi inamukulira. Nyumba anaisiya, Tisunge anamutumiza kwa mkulu wake Jennipher kumudzi, iye n'kulowa m'kachipinda kakuseri kwa loji, pafupi ndi pochapira.

Kenaka Wendy, mtsikana wapakauntala, anakwatiwa n'kusamukira ku Lusaka. "Gwilako pang'ono, mwana wanga, tikali kufuna munthu," anatero a Kabaso. Pang'ono pamenepo panadutsa mvula ziwiri. Rabecca ankalandira alendo, kulemba mayina awo m'buku, kudula malisiti a anthu a misonkhano, kulandira ndalama za pafoni, kupita kumsika kukagula za kukhitchini. Tsache nalonso sanamulande. Malipiro okha ndiwo anakhala pomwe anali, phee, ngati galu wokhuta.

Iye sankadandaula. Kudandaula kumafuna mphamvu. Chimene chinamudzutsa chinali Tisunge, amene chaka chimenecho ankalemba mayeso a giledi seveni. Sukulu ya sekondale inali kutali ndi mudzi, ndipo Jennipher ananeneratu pafoni, mosapsatira: mwanayo akapanda kupita ku Nyimba sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale, basi, agwire khasu monga anzake. Koma namwali sangagone kuseri kwa loji kumene madalaivala a mathiraki amafikira. Panafunika chipinda cha lendi kukomboni, ndipo malipiro a wosesa sakanakwanitsa.

Nkhaniyi anaiulula kwa Mulako, mphunzitsi wa ku Mongu amene anakhalapo pa lojiyo atangotumizidwa ku Nyimba, asanapatsidwe nyumba. Mulako anali wa pakamwa pomasuka.

"Amake Tisunge, imwe musebenza nchito za anthu awili, mulandila za mmodzi. Lembani kalata."

"Kalata kwa a Kabaso? Tionana tsiku lililonse."

"Ndiye chifukwa chake. Mau a pakamwa amapita na mphepo. Aja ni a boma, amamvela pepala."

Loweruka masana anakhala pakhonde pa Mulako n'kuilemba. Inali m'Chingerezi, monga makalata a ntchito amakhalira. Pamwamba tsiku ndi dzina la bwana, kenaka mutu wake: pempho loti malipiro aunikidwenso. Ndime yoyamba inali yothokoza chifukwa cha ntchito. Yachiwiri inanena chaka chimene anayamba, ntchito imene analembedwera, ndi zonse zimene anawonjezeredwa chichokereni Wendy. Rabecca anafuna kulembamo za mwana, Mulako anakana: kalata yotere imakamba za ntchito, osati za mavuto a pakhomo. Ndime yomaliza inali mzere umodzi wolunjika, wopempha kuti akhazikitsidwe pa ntchito ya pakauntala ndi malipiro ake, ndi kuti anali wokonzeka kukambirana tsiku limene bwana angasankhe.

Rabecca anauwerenga mzerewo kawiri.

"Uyu ni wokali, madamu."

"Wokali pati? Kupempha si kuba."

"Anagula bokosi ya amuna anga. Manje ine niziwauza mtengo monga nigulitsa mbuzi?"

Kwawo kwa Rabecca munthu sauza wamkulu chochita. Umafika, umagwada, umatula katundu wako pansi n'kunena kulemera kwake, basi. Mawu otsalawo amatsiriza ndi wamkuluyo, ndipo ulemu wake umakhala pomwepo. Kumutsirizira wekha n'kumuvula. Nanga kumuvula munthu amene dzina lake linatchulidwa pamanda a mwamuna wako?

Mulako anapukusa mutu. "Mbewa ya manyazi inafela kuuna, amake Tisunge."

Rabecca anavomera ndi mutu, monga ankavomerera zonse masiku amenewo. Koma Lolemba, atafika pa kasitolo kotaipa makalata pafupi ndi msika, anauza mnyamata wa pakompyuta kuti mzere womalizawo auchotse. M'malo mwake analembetsa kuti ntchito yamuchulukira, ndipo akupempha bwana aone nkhaniyi monga kholo, achite chimene aona kuti n'choyenera. Anasaina, naika mu envulopu, nakapereka ndi manja awiri.

A Kabaso anakondwa kwambiri. Pa zaka zonse za lojiyo palibe wantchito anawalemberapo kalata. Anaidinda, analemba tsiku lolandirira, anaiboola n'kuiika mu failo. Anati ayankha bwino lomwe, aipende kaye.

Mayeso anatuluka Khirisimasi itayandikira. Tisunge anakhoza. Rabecca analandira uthengawo akufinya mashiti, nati "Wachita bwino," n'kupitiriza kufinya. Chimwemwe ankachiona chapatali, ngati basi imene yaima tsidya lina la msewu.

Chaka chitangolowa a Kabaso anamuitanira mu ofesi. Failo inali patebulo. Anamuuza kuti akhale pampando, iye n'kukhala cha m'mphepete.

"Mwana wanga, kalata yako yanichititsa manyazi," anayamba motero. "Nawelenga nchito zonse izi, nadzifunsa kuti kodi ine maso nili nawo? Munthu wofedwa, ine namusenzetsa katundu wa anthu awili. Nikhululukile."

"Palibe mulandu, bambo."

"Wakamba kuti nione monga kholo. Naona. Pakauntala napeza munthu, Abby, mwana wa mlongo wa amai kunyumba. Ali na setifiketi ya giledi thwelofu. Ayamba mailo m'mawa. Iwe ubwelele ku zipinda zako, upumuleko. Ndalama sinichotsako olo ngwee."

Anatulutsa kalata yoyankha, yotaipidwa bwino, yodindidwa. Inanena kuti pempho launikidwa, ntchito zowonjezera zachotsedwa, ndipo malipiro akhala monga analili pakuti tsopano akugwirizana ndi ntchito. Panalibe cholakwika ngakhale chimodzi m'kalatayo. Munthu wa mafailo anayankha zimene zinali papepala.

"Pali china chimene ufuna kukamba?" anafunsa a Kabaso, nkhope ili yowala ngati ya munthu amene wapereka mphatso.

Chitseko chinali chisanatsekedwe. Apa mpamene ine wokamba nkhanino ndimapsa mtima, chifukwa mawu anali ochepa: bambo, ntchitoyo ndimaifuna, chimene ndimapempha ndi malipiro ake. Mwina akanakana. Mwina akanakanda mutu n'kuona chochita ndi Abby. Sitidzadziwa. Rabecca anayang'ana manja a bamboyo, amene tsiku lija anawerengera kalipentala ndalama za bokosi, mwini wake atakhala pansi pachipatala osadziwa kolowera. Anafunafuna mkwiyo mumtima mwake kuti umuthandize kuyankhula, sanaupeze. Anafuna misozi, nayonso kunalibe.

"Palibe, bambo. Zikomo kwambili."

Anasaina kuti walandira. Potuluka anapinda bondo.

Mulako atamva anagwira pakamwa. Anati alembe ina, kapena iye mwini apite akawafotokozere a Kabaso. Rabecca anakana. Abby anali atafika kale ndi chikwama chake. Kutsegulanso nkhani kukanakhala kuchotsa mwana wa eni nyumba pampando. Mulako anayankhula zambiri, za malamulo a ntchito, za ofesi ya leba. Rabecca ankangoyang'ana mvula imene inkadontha pa malata.

M'mawa mwake anayamba kuphunzitsa Abby. Anamuonetsa polemba nambala ya chitupa cha mlendo, kadulidwe ka lisiti ya anthu a boma amene amafuna chidindo, ndi kuti asapereke kiyi uthenga wa ndalama usanalowe pafoni. Abby anali mwana wabwino, womva msanga, ndipo ankamutcha "anti". Rabecca sanamubisire kanthu. Atatha anapereka makiyi n'kukatenga chidebe chake.

Masana anapita kuseri kwa pochapira naimba foni kumudzi. Jennipher anali kumunda. Anayankha ndi Tisunge yemwe, mawu ali m'mwamba.

"Amama! Bulangeti nachapa, yauma. Anzanga nawatsazika kudala. Nikwele motoka ya liti?"

Rabecca anatsamira khoma. Anadikira kuti mwina china chake chimupweteke, koma palibe chinabwera.

"Amama, mulipo?"

"Nilipo."

"Nikwele liti?"

"Bulangeti uiyale chabe pomwe ugona," anatero. "Amai ako akulu ali kumunda uti?"

Mwanayo anayankha ndi mawu aang'ono, aulemu, opanda funso lina lililonse.

"Wa nshawa. Lekani niwalondole, amama. Zikomo."