Nyenyezi Zitatu za Mayi Sayizi

Mumsika monse palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti Mayi Sayizi, chifukwa asanakupatseni moni maso awo amakhala atafika kale kuphazi kwanu. Benchi yawo ya nsapato inali pakona, pafupi ndi okonza mafoni, ndipo anakalambira pomwepo. Mukabwera mukuti, "Ndipatseni ija aliyense akuitama ija," iwo ankakukhazikani pakampando n'kukuvulani sokosi.

"Akuitamayo phazi lake ndi lotani?" ankafunsa choncho. "Nsapato sayesera mnzako, mwanawe."

Ena ankapsa mtima n'kukagula pabenchi ina. Mawa lake ankabwera akutsimphina, ndipo Mayi Sayizi ankawaseka kaye asanawathandize. Chifundo anali nacho, koma pakamwa mpomwe panalibe chotsekera.

Phazi limene linawakanika linali la kunyumba kwawo komwe. Amuna awo, amene mzere wonse wa nyumba unkawatcha Adalaivala, anayendetsa basi zaka zambirimbiri mpaka bondo lamanja linakana. Chipumireni pantchito anangomera mizu pampando wa pakhonde. Munthu amene kale ankadziwa bampu iliyonse ya mumsewu tsopano ankadziwa nthawi imene mphaka wa aneba amadutsa pampanda. Nthabwala zinatha, wailesi ankangoitsegula osaimvera. Zimenezi zinkawapweteka Mayi Sayizi, ngakhale kumsika sankanena.

Anawanyengerera mpaka malovu kuuma kuti tsiku lina akayende awiri, akaone zina. Potsiriza Adalaivala anavomera, koma mokhala ngati akuwazula dzino.

"Chabwino, mayi, ndipita. Koma kamodzi kokha. Zikakandinyansa, musadzandivutitsenso. Mudzandisiye ndi mpando wangawu."

Mayi Sayizi anawadziwa amuna awo: akanena, anena. Ulendo umenewu ukanalephereka, khondelo likanawameza mpaka kalekale.

Lamlungu masana kunabwera mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake. Mkamwiniyo anali mnyamata waulemu, wokonza mafiriji, wa miyendo ngati mapolo a magetsi. Atamva za ulendowo anatulutsa foni msangamsanga.

"Amayi, musavutike n'kuganiza. Kuli phiri la mathithi, basi imakafika pageti penipeni. Ife tinapitako, eee, simungafune kubwerako! Taonani, nyenyezi zake zatsala pang'ono kukwana zisanu."

"Nyenyezi masanasana?"

Mwana wawo anawafotokozera akuseka kuti anthu amene anafikako amalemba ndemanga pafoni, aliyense n'kupereka nyenyezi, imodzi ngati zamunyansa, zisanu ngati wasangalala, ndiye foniyo imaphatikiza zonse n'kuonetsa zapakatikati.

"Ooo," anatero Mayi Sayizi akuvala magalasi. "Ndiye kuti aphatikiza mapazi a anthu onse n'kupeza sayizi imodzi? Tabweretsani kuno, bambo, ndione eni mapaziwo."

Anayamba kuwerenga mokweza, chala chili pagalasi la foni. Woyamba anati malowo ndi paradaiso. Wachiwiri anatinso ndi paradaiso. Wachitatu, paradaiso yemweyo, mawu ake osasiyana ngakhale pang'ono.

"Awa anabadwa mimba imodzi kapena?"

Mwana wawo anawasonyeza kuti ukadina pa dzina la wolemba umaona zina zimene analembapo. Atatu aja analibe ndemanga ina iliyonse, ndipo onse analemba sabata imodzi. Mayi Sayizi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Zoterezi ankazidziwa: mnyamata wa benchi yoyang'anana ndi yawo kumsika ankaitana asuweni ake kuti aziima pamenepo n'kumatama nsapato makasitomala akamadutsa.

Koma enawo anali anthu enieni, ndipo anasangalaladi. Zithunzi zawo zinali zokongola, madzi oyera mbee akugwa pathanthwe. Mayi Sayizi sanayang'ane madziwo. Anakulitsa chithunzi n'kuyang'ana kumapazi: onse anavala nsapato zothamangira, onse anali a msinkhu wa mkamwini. Wina analemba kuti, "Masitepe ake si kanthu, tinakwera tikuimba."

"Masitepe?" anafunsa Adalaivala ali pakhonde. Ankaoneka ngati akuwodzera, koma khutu linali m'nyumba.

Mkamwini anakanda m'mutu. "Alipo ndithu, abambo. Kungoti ine sindinawaone ngati ambiri."

"Simunaname, bambo," anatero Mayi Sayizi pomutonthoza. "Miyendo yanuyo ndi imene sinawawerenge."

Anapempha kuti awapezere anthu a nyenyezi zitatu, poti munthu amene sanakwiye komanso sanatengeke ndiye amanena zonse ziwiri. Anapezadi mayi wina amene anapita ndi apongozi ake okalamba. Analemba kuti mathithiwo ndi okongola zedi, koma njira yake ndi yotsetsereka, yoterera, yopanda pokhala, moti apongoziwo anathera panjira. Pansi pake panali bambo wina wodandaula zina: kumunsi kwa phirilo, pashedi yodyera, Loweruka lililonse kumakhala bandi, ndipo azimayi amavina mpaka fumbi koboo, munthu osamva ngakhale mbalame.

Ndemanga imeneyo Mayi Sayizi anaiwerenga kawiri, phazi lawo likugunda pansi pang'onopang'ono. Kenako anapukusa mutu n'kupitirira.

Foni anaibwereka mpaka Lachitatu. Kumsika makasitomala akachepa ankafufuza malo ena apafupi, anzawo n'kumawanena kuti ukalamba wawapeza ndi matenda a achinyamata. Ndiye anakumana ndi malo ena a nyenyezi zitatu zokha, bwalo losungirako mabasi ndi malole akale. Ndemanga yoyamba inati, "Tinapeza geti lotseka, tinangobwerera." Mayi Sayizi anagwa mphwayi, ndipo akanawataya malowo pompo akanapanda mtsikana wina wokonza mafoni pafupi ndi benchi yawo kusuzumira.

"Mayi, taonani deti. Zimenezo n'za zaka zitatu zapitazo. Dinani apa, ziyambe zatsopano."

"Iii, ndikanataya bomwetamweta! Ndimayesa zonse n'za dzulo."

Zatsopanozo zinali madandaulo okhaokha, koma madandaulo okoma bwanji! Wina anati ponseponse pakununkha oyilo ndi dizilo. Wina anati palibe chochita, ana anatopa, n'zitsulo zakale basi ndi mabenchi pansi pa mitengo. Mtsikana wina anapereka nyenyezi imodzi chifukwa mdala woyang'anira malowo salola munthu kudutsa asanamufotokozere za injini iliyonse, ndipo amakakamiza alendo kukhala pa chiwongolero. Mayi Sayizi anadina pa dzina lake, napeza kuti mtsikanayo nyenyezi zisanu amapereka kumalo osambira ndi kogulitsa makeke. Sanali wabodza, phazi lake linali lina chabe. Anayang'ananso zithunzi zojambula alendo, osati za eni malo, ndipo anaona kuti pansi m'posalala kuyambira pageti mpaka kumapeto.

Komabe Loweruka m'mawa, ali m'basi, mantha anawagwira. Nanga bamboyu akakaona mabasi akufa n'kukumbuka kuti nayenso anamuika pambali? Zimenezo palibe ndemanga imene inanenapo. Adalaivala ankangoyang'ana kutsogolo njira yonse, ndodo ili pakati pa miyendo, nkhope ngati akupita kukabayitsa jakisoni.

Atalowa pageti, fungo la oyilo linawalandira. Adalaivala anaima, nakoka mpweya. Kutsogolo kwawo kunali basi yamphuno yaitali, utoto utasuluka, matayala ataphwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, Mayi Sayizi mtima uli m'mwamba.

"Iyi," anatero Adalaivala potsiriza, "giya yachiwiri inkavuta. Umayenera kuponda kilatchi kawiri."

"Kawiri, ndiye uipemphe mwaulemu!" anayankha mawu kumbuyo kwawo. Anali mdala uja wa nyenyezi imodzi, atavala ovolosi, chiguduli chili m'manja.

Basitu, anapezana. Mdalayo anatsegula boneti, Adalaivala analowetsa mutu. Anakangana za mabuleki, anagwirizana za madalaivala a masiku ano, anakangananso. Pokwera pa chiwongolero bondo lija linaiwala kuti limadwala. Ndodo anaisiyira akazi awo ngati katundu wa eni. Mayi Sayizi anakhala pabenchi pansi pa mtengo, navula nsapato. Kunena zoona, malowo anawatopetsa kwabasi. Zitsulo ndi zitsulo basi, ndipo mumtima anamupepesa mtsikana wa makeke uja. Koma atamva hutala ikulira, amuna awo akuseka kuseka kuja kwa kale, kotulukira m'mimba, misozi inalengeza. Anasangalala kwambiri, moti anadzudzula mlendo wina wosalakwa chifukwa chovala nsapato yomuthina.

Pobwerera Adalaivala sanatseke pakamwa. Anafotokozera kondakitala za kilatchi, anafotokozera mayi wina wonyamula mwana amene sanafunse n'komwe. Atayandikira kwawo anatembenukira kwa akazi awo.

"Inu zakunyansani, eti?"

"Ayi, zinali bwino."

"Bodza. Munayasamula mpaka ndinaona m'mimba. Ndimakuonani pagalasi la basi ija."

Mayi Sayizi anaseka. "Ulendowu unali wa phazi lanu, bambo."

"Nanga lanu sayizi yake ndi chani?"

Mayi Sayizi anayang'ana kumapazi kwawo. Zaka zonsezi akuyeza mapazi a anthu, a ana, a amuna awo, palibe anawafunsapo zimenezo, ndipo iwonso anali asanadzifunse.

"Musavutike, ndikudziwa," anatero Adalaivala. "Bambo uja wodandaula za bandi kumunsi kwa phiri. Munamuwerenga kawiri, phazi likugunda simenti. Ndinalimva ndili pakhonde. Loweruka likubwerali tipita komweko. Mkamwini akwere masitepe akewo, ine ndikakhala pashedi n'kukusungirani chikwama."

"Si paja munati kamodzi kokha?"

"Ndinati zikandinyansa."

Mayi Sayizi anayang'ana pawindo kuti amuna awo asaone nkhope yawo. Atafika kunyumba anapitirira mpando wa pakhonde uja, nalowa kuchipinda, nagwada n'kukoka katoni pansi pa bedi. Munali nsapato zofiira, zachidendene chachifupi, zimene anazichotsa kalekale pabenchi yawo makasitomala asanazione. Anazipukuta fumbi n'kuziyesa. Zinawakwana ndendende.