Dzina la mkuluyo pa khoma

Edwin Chirwa, mlonda wa pa loji ina ku Kande, anadziphunzitsa yekha kulemba masamba a pa intaneti. Pa kompyuta yake yakale anali ndi kapulogalamu kotsitsimutsa tsamba: akasintha mawu kapena mtundu wa zilembo mu fayilo ya tsambalo n'kuisunga, tsamba linkasintha lokha pa brauza, pulogalamu yoonerapo masamba, iye osadina kanthu.

Atamva zimenezi, mwini lojiyo, a Mwase, anamupatsa ntchito yokonza tsamba la loji. Edwin asanaidziwe bwino sipelo ya dzina lawo loyamba, pa mzere wa mwini wake anangolembapo la Chikwanje, limene antchito amawatchula kumbali chifukwa chodula malipiro. Kenako analifufuta n'kulemba lenileni.

Tsiku loonetsa, analumikiza kompyuta ku kanema wa pa khoma, a Mwase ndi akazi awo atakhala kutsogolo. A Mwase anati mutu wa tsambalo ukhale wobiriwira. Edwin anasintha, nasunga, ndipo unabiriwira pompo. A Mwase anamuuzanso kuti abweze mawu olonjera alendo, mawu amene Edwin anali atawachotsa dzana. Poti fayiloyo inali chitsegulire, Edwin mokondwa anadina kangapo batani lobwezera zolembedwa kale, osawerenga, ndipo chala chinasunga fayiloyo mwachizolowezi.

Pa khoma panaoneka kuti: Mwini wake, a Chikwanje.

Edwin analakalaka nthaka itang'ambika.

"Pepani bwana, ndi kompyutayi," anatero chapansipansi.

"A Chirwa," anayankha a Mwase, maso ali pa khoma, "si paja munati kapulogalamu kameneka kamangoonetsa zimene mwalemba inuyo?"